Foni ya 50MP, chithunzi cha 12MP: mmene kamera imapezera mitundu imene sinayeze

Pa bokosi la foni palembedwa 50MP, pena 108MP, ndipo MP ndi chidule cha mamegapikiseli, kutanthauza mamiliyoni a timadontho topanga chithunzi. Munthu wagula, wajambula, ndipo akatsegula pamene foni imafotokoza za chithunzicho akupeza 12MP kapena 12.5MP. Ena amaganiza kuti awabera, ena amati foniyo ndi feki. Palinso dandaulo lina limene ojambula maukwati amalidziwa bwino: mkwati anavala jekete lotuwa la timizere ting'onoting'ono, koma pa chithunzi jeketelo latuluka ndi mafunde a olenji ndi abuluu amene pa nsaluyo palibe. Madandaulo awiriwa gwero lake ndi limodzi. Sensa ya kamera siona mitundu. Pamalo alionse a chithunzi imayezapo mtundu umodzi wokha, ndipo mitundu iwiri yotsalayo amachita kuiwerengetsera poyang'ana zimene oyandikana nawo ayeza. Nthawi zambiri masamuwa amalondola, n'chifukwa chake sitizindikira n'komwe kuti akuchitika. Akaphonya ndi pamene timaona zachilendo.

Sensa imawerenga kuchuluka kwa kuwala basi

Sensa ndi kachidutswa ka silikoni kamene kamakhala kuseri kwa lenzi. Pamwamba pake pamagawidwa timabokosi tambirimbiri m'mizere yowongoka, ndipo kabokosi kalikonse ndi pikiseli imodzi. Kamera ya mamegapikiseli 24 imakhala ndi timabokosi 6,000 chopingasa ndi 4,000 chotsika, zonse pamodzi 24 miliyoni. Kuwala kukagwera mu kabokosi kamodzi kumamasula maelekitironi mu silikoniyo, ndipo maelekitironiwo amaunjikana mpaka nthawi yojambula itatha. Kenako kamera imayeza mulu umenewo n'kuusandutsa nambala. Pa makamera ambiri nambalayi imayambira pa 0 kufika pa 4,095, ndipo pa makamera akuluakulu imafika pa 16,383.

Tayerekezani ndowa zambiri zofanana zitandandalikidwa pabwalo mvula ikugwa. Mvula ikakata mutha kuyeza madzi a mu ndowa iliyonse n'kudziwa pamene panavumba kwambiri, koma madziwo sangakuuzeni kuti dontho ili linachokera mu mtambo uti. Ndi mmenenso pikiseli ilili. Elekitironi yomasulidwa ndi kuwala kofiira siisiyana ndi yomasulidwa ndi kuwala kwabuluu, choncho nambala imene yatulukayo imangonena kuti pano panawala kwambiri kapena pang'ono.

N'chifukwa chake makamera oyambirira a mtundu umenewu ankajambula zakuda ndi zoyera. Sensa yotchedwa CCD anaitulukira Willard Boyle ndi George Smith ku Bell Labs, ku America, mu 1969. Mu 1975 injiniya wa kampani ya Kodak, Steven Sasson, anapanga kamera yogwiritsa ntchito sensa ya mapikiseli 100 chopingasa ndi 100 chotsika, ndipo chithunzi chimodzi chinkatenga masekondi 23 kuti chisungidwe pa kaseti. Chinalibe mitundu. Masensa a lero ambiri ndi a CMOS, amawerengedwa mwa njira ina ndiponso mofulumira kwambiri, koma pa nkhani ya mitundu ndi akhungu chimodzimodzi.

Silikoni imamvanso kuwala kumene diso la munthu silikuona. Ife timaona mafunde a kuwala otalika kuyambira mananomita pafupifupi 400 kufika 700, pamene silikoni imapitirira mpaka cha m'ma 1,100. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita. Opanga makamera amaika galasi lotchinga kuwala kosaonekako patsogolo pa sensa kuti kusasokoneze mitundu. Silitchinga konse. Lozetsani rimoti ya TV ku kamera ya foni n'kudina batani: pa mafoni ambiri, makamaka pa kamera yakutsogolo, kababu kake kamaoneka kakuphethira mwa pepo.

Chifukwa chake mitundu itatu imakwanira

Kuwala kuli ndi mafunde osawerengeka, koma diso la munthu limakuona masana kudzera m'magulu atatu okha a maselo: lina limamva kwambiri mafunde aafupi a mbali ya buluu, lina apakati a mbali yobiriwira, lina aatali opita ku chikasu ndi kufiira. Ubongo umalandira miyeso itatu n'kupanga mtundu. Choncho kuti munthu aone chithunzi ngati chenicheni, n'zokwanira kusunga nambala zitatu pamalo alionse: kufiira, kubiriwira ndi buluu. Pa makina nambala zimenezi zimalembedwa R, G ndi B.

Woyamba kusonyeza zimenezi pa chithunzi anali wasayansi James Clerk Maxwell mu 1861. Thomas Sutton anamujambulira riboni katatu, kudzera mu fyuluta yofiira, yobiriwira ndi yabuluu, kenako zithunzi zitatuzo anaziwalitsa pamodzi pa chinsalu chimodzi. Vuto la njirayi ndi loonekeratu: chinthu chikasuntha pakati pa kujambula koyamba ndi kwachitatu, zithunzizo sizikumana. Makamera ena a kanema anathana nalo pogawa kuwala ndi galasi n'kukutumiza ku masensa atatu nthawi imodzi, koma chida chotere n'chachikulu ndiponso chodula, sichingalowe mu foni.

Ganizo lina linachokera ku France. Abale a Lumière anayamba kugulitsa magalasi ojambulira otchedwa Autochrome mu 1907. Ankatenga timibulu ta ufa wa mbatatesi, n'kutinyika m'mitundu itatu, n'kutiwaza pa galasi mosakanikirana. Kambulu kalikonse kankakhala kafyuluta kakang'ono, ndipo munthu akayang'ana chithunzicho diso lake linkasakaniza lokha timadonthoto. Sensa ya lero inatengera pomwepo, kusiyana kwake n'koti timafyuluta take timayalidwa mwadongosolo, ndipo wosakaniza ndi masamu.

Kayalidwe ka Bayer

Bryce Bayer, wasayansi wa Kodak ku Rochester m'chigawo cha New York, analandira chiphaso cha umwini wa luso limeneli mu 1976, nambala yake US 3,971,065. Pamwamba pa pikiseli iliyonse pamaikidwa kafyuluta ka mtundu umodzi, kamene kamalola kuwala kwa mtundu wakewo kudutsa n'kumeza kwinako. Timafyulutato timabwerezedwa m'magulu a tinayitinayi motere:

```
R G R G
G B G B
R G R G
G B G B
```

Mzere umodzi ndi wa R ndi G mosinthana, wotsatira ndi wa G ndi B. Theka la mapikiseli onse ndi obiriwira, ndipo ofiira ndi abuluu agawana theka linalo. Pa kamera ya mamegapikiseli 24 ija, obiriwira alipo 12 miliyoni, ofiira 6 miliyoni, abuluu 6 miliyoni.

Kukondera kobiriwiraku kuli ndi chifukwa. Masana diso la munthu limamva kwambiri kuwala kwa mananomita pafupifupi 555, kumene kuli pakati pa kubiriwira ndi chikasu, ndipo kuthwa kwa chithunzi timakuona makamaka pa kusiyana kwa kuwala ndi mdima, osati pa kusiyana kwa mitundu. Mu chiphaso chake Bayer anafotokoza mapikiseli obiriwirawo kuti ndi oyeza kuwala, ndipo ofiira ndi abuluuwo kuti ndi oyeza mtundu. Kubiriwira ndiye mafupa a chithunzi. Kufiira ndi buluu zikachepa kuthwa pang'ono, diso silidandaula.

Mtengo wa kayalidwe kameneka ulipo pawiri. Woyamba ndi kuwala: kuwala koposa theka kumene kwafika pa sensa kumamezedwa ndi timafyuluta kusanayezedwe. Wachiwiri ndi wa nambala. Chithunzi chamitundu cha mapikiseli 24 miliyoni chimafunika nambala 72 miliyoni, zitatu pa pikiseli iliyonse. Sensa yayeza 24 miliyoni zokha. Zotsala 48 miliyoni, magawo awiri mwa atatu a chithunzi chimene mukuona, palibe chinaziyeza.

Fayilo ya RAW imasunga nambala zoyezedwazo zisanakonzedwe. Mutaitsegula osaikonza n'kuikulitsa kwambiri, mungaone timadontho tofiira, tobiriwira ndi tabuluu toyalana ngati mkeka, ndipo chithunzi chonse chingaoneke chakuda ndiponso chobiriwirira. JPEG imene foni imakupatsani ndi imene yadutsa kale m'masamu onse amene akubwerawa.

Kudzaza mipata: khoma loyera ndi chitseko chakuda

Ntchito yowerengetsera mitundu yosowa ija m'mapulogalamu okonzera zithunzi imalembedwa `Demosaicing`. Njira yake yosavuta kuposa zonse ndi kufunsa oyandikana nawo. Pikiseli yofiira sikudziwa kubiriwira kwa pamalo ake, koma yazunguliridwa ndi mapikiseli anayi obiriwira: kumwamba, kumunsi, kumanzere ndi kumanja. Muphatikize nambala zawo, mugawe ndi 4. Zili ngati mudzi wopanda choyezera mvula: mumatenga zimene midzi inayi yozungulira yayeza n'kunena kuti panonso panavumba chapakatikati pomwepo. Pa thambo lopanda mitambo kapena pa khoma losalala njirayi imalondola bwino. Imasokonekera pamene mvula yagwa mbali imodzi ya phiri yokha.

Tiyeni titenge chithunzi cha khoma loyera limene lagundana ndi chitseko chakuda, malire ake ataima chilili. Kuti masamu apepuke tigwiritsa ntchito nambala za 0 mpaka 255 ngati za mu JPEG, ndipo tinene kuti pa khoma mitundu yonse itatu ili pafupifupi 200, pa chitseko pafupifupi 40. Nambalazi n'zachitsanzo chabe. Tiyang'ane pikiseli yofiira yomaliza ya pa khoma, imene chitseko chayambira kumanja kwake kwenikweni:

```
      G=198
G=200 R=200 G=40
      G=202
```

Tikaphatikiza 198, 202, 200 ndi 40 tipeza 640, ndipo kugawa ndi 4 kukutipatsa 160. Koma pikiseliyi ili pa khoma, kubiriwira kwake koona ndi 200. Buluu ndiye waphonya kwambiri. Mapikiseli abuluu oyandikana nayo ali m'makona anayi, awiri pa khoma ndi awiri pa chitseko, ndipo pakatikati pawo ndi 120. Pikiseli imene imayenera kukhala yoyera yatuluka ndi R 200, G 160, B 120, umene ndi mtundu wa olenji wofuwirira.

Tsikani pikiseli imodzi m'munsi mwake. Imeneyi ndi yobiriwira, yayeza 202 molondola. Kufiira ikutenga kumwamba ndi kumunsi, konse pa khoma, ndiye 200. Buluu ikutenga kumanzere pa 200 ndi kumanja pa 40, ndiye 120. Yatuluka yachikasu. Yotsatira pansi pake ndi yofiiranso, olenji kachiwiri. Motsatira malire onse a chitsekocho mukhala timadontho tosinthana, olenji, chikasu, olenji, chikasu, ndipo mukakulitsa chithunzicho malirewo amaoneka ngati mano a zipi. Malirewo akanagwera pikiseli imodzi chakumanja, timadonthoto tikanapendekera ku buluu. Mtundu wabodzawu sukuchokera pa khoma kapena pa chitseko. Ukuchokera pa mzere wa timafyuluta pamene malire agwera.

Akatswiri awiri a Kodak, John Hamilton ndi James Adams, analembetsa m'zaka za m'ma 1990 njira imene maganizo ake akugwirabe ntchito mpaka lero. Mfundo yake yoyamba ndi yoti musanaphatikize, yambani mwaona kumene malire alowera. Pa pikiseli yathu ija, kusiyana kwa kumanzere ndi kumanja ndi 160, pamene kusiyana kwa kumwamba ndi kumunsi ndi 4 yokha. Kusiyana kwakukulu chopingasa kukutanthauza kuti pali malire oima chilili, choncho musawoloke. Tengani a kumwamba ndi kumunsi okha: 198 ndi 202, pakatikati 200. Kubiriwira kwalondola.

Mfundo yachiwiri ndiyo yanzeru zedi. Pa zinthu zambiri zimene timajambula, kuwala kumasintha mwadzidzidzi koma mtundu umasintha pang'onopang'ono. Mthunzi ukagwera pa tsamba, mitundu itatu yonse imatsikira limodzi. Ndiye pulogalamu imayamba yamaliza kubiriwira pa mapikiseli onse, popeza ndi kumene kuli miyeso yambiri. Kenako m'malo mowerengetsera buluu weniweniyo, imawerengetsera kusiyana kwa buluu ndi kubiriwira. Pa pikiseli yachikasu ija, mnzake wabuluu wakumanzere ali ndi B 200 ndi G 200, kusiyana 0. Wakumanja ali ndi B 40 ndi G 40, kusiyananso 0. Pakatikati ndi 0. Onjezani 0 pa kubiriwira kwake kwa 202, buluu watuluka 202 m'malo mwa 120. Kadontho kachikasu kaja kayera.

Njira za masiku ano zimayang'ana mapikiseli ochuluka kuposa anayi, zina zimayesa mbali zonse ziwiri n'kusankha imene yatulutsa mitundu yogwirizana. Mu mapulogalamu aulere a RawTherapee ndi darktable mungasankhe nokha pakati pa `AMaZE`, `RCD`, `LMMSE` ndi zina. `AMaZE` imasunga bwino tinthu ting'onoting'ono pa chithunzi chojambulidwa powala, `LMMSE` imapirira chithunzi cha usiku chodzaza timadontho tosokoneza. Fayilo ya RAW imodzimodziyo imatuluka mosiyanako pang'ono m'njira iliyonse, ndipo zimenezi zokha zikusonyeza kuti palibe yankho limodzi lobisika m'fayilomo.

Pamene ngakhale njira yochenjera imagonja

Bwererani ku jekete la mkwati. Tinene kuti wojambula waima patali moti mzere woyera uliwonse wa nsaluyo ukukwana pikiseli imodzi, mzere wakuda pikiseli imodzinso, ndipo mizereyo yaima chilili. Mizere yoyera yonse igwera pa mapikiseli a R ndi G, yakuda yonse pa G ndi B. Mapikiseli ofiira onse anena 200, abuluu onse anena 40. Kwa pulogalamu, amenewa ndi malo aakulu ofiira kwambiri ndi osowa buluu, ndiye ipaka olenji. Nsalu siyalana ndendende ndi mapikiseli, choncho patsogolo pang'ono mizereyo imasuntha ndi pikiseli imodzi, yoyera n'kugwera pa B. Pamenepo ipaka buluu. Mafunde a olenji ndi abuluu osinthana aja amabadwa choncho, ndipo m'mapulogalamu amalembedwa `Moiré`.

Kuyang'ana kumene malire alowera sikuthandizanso pano. Pa pikiseli yofiira, obiriwira a kumwamba ndi kumunsi akunena 200 ndi 200, a kumanzere ndi kumanja akunena 40 ndi 40. Kusiyana ndi 0 mbali zonse ziwiri. Mizere yopingasa ikanathanso kupereka nambala zobiriwira zomwezi, choncho kubiriwira pakokha sikungasiyanitse. Pulogalamu imasankha chilili apa, chopingasa apo, ndipo pa nsaluyo pamatuluka tinjira tokhotakhota ngati ta chiswe. Zomwezi zimachitika ndi malata a denga ojambulidwa patali, waya wa pa windo, neti, nthenga za nkhanga, ndi sikirini ya TV mukaijambula ndi foni.

Makamera ambiri amapewa zimenezi ndi galasi lina loikidwa patsogolo pa sensa, limene limagawa kadontho kalikonse ka kuwala kukhala tinayi toyandikana, kuti kagwere pa R, G, G ndi B nthawi imodzi. Kunena mosabisa, galasili limachepetsa dala kuthwa kwa chithunzi. Mapikiseli atayamba kuchepa msinkhu, lenzi payokha inayamba kufewetsa chithunzi mokwanira, ndipo makampani anayamba kulichotsa. Nikon inatulutsa D800 ndi D800E mu 2012, zofanana pa zonse kupatula kuti pa D800E mphamvu ya galasili inathetsedwa. Ojambula mapiri ndi nkhalango ankakonda D800E, ojambula zovala ankaiopa.

Si mtundu wabodza uliwonse umene umachokera ku timafyuluta, ndipo kusiyanitsa n'kosavuta. Choyamba kulitsani chithunzi kufika pa `100%`. Mafundewo akazimiririka, anali a sikirini yanu pochepetsa chithunzi, m'fayilomo mulibe. Akakhalapobe, onani pamene ali. Vuto la lenzi limakula mukamapita m'makona a chithunzi, ndipo limaoneka ngati kamzere kosalala, kobiriwira mbali ina ya chinthu, ka pepo mbali inayo. Vuto la timafyuluta limapezeka paliponse, ngakhale pakati penipeni, malinga pali timizere tothina, ndipo limasintha mukasintha njira pa `Demosaicing`. Mankhwala ake abwino ali pa nthawi yojambula: sunthirani pafupi kapena patali pang'ono, pendeketsani kamera, kapena chepetsani bowo la lenzi kufika pa f/11 kapena f/16 kuti lifewetse timizereto. Pokonza pambuyo pake mutha kuchotsa olenji ndi buluu, koma mafunde a kuwala ndi mdima kawirikawiri amatsalira.

Nambala zitatu zikapezeka, mtundu sunathe

Pali zina ziwiri zimene tingozidutsa mwachidule. Mapikiseli atatu aja samva kuwala mofanana. Pepala lotuwa lojambulidwa padzuwa likhoza kupereka R 1,000, G 2,000 ndi B 1,340. Kuti lioneke lotuwa, kamera imachulukitsa kufiira kawiri, buluu kamodzi ndi theka. Pansi pa babu lachikasu kapena nyali ya palafini miyezo imeneyi imasinthiratu, ndipo ndi imene batani la `White balance` limasintha. Kamera ikaiphonya, diresi loyera limatuluka lachikasu kapena labuluu ponseponse, limene ndi vuto losiyana ndi mafunde aja.

Chachiwiri n'choti timafyuluta sitimva kuwala ndendende ngati maselo a diso, ndipo timalowererana: kobiriwira kamadutsitsako kufiira pang'ono. Kamera imakonza zimenezi pochotsera mtundu uliwonse gawo la inzake. Kampani iliyonse ili ndi miyezo yake, n'chifukwa chake mafoni awiri okhala ndi sensa yofanana amatulutsa khungu la munthu mmodzi mosiyana.

Kumene 50MP yapita

Mu 2018 Sony inatulutsa sensa ya mafoni yotchedwa IMX586, ya mamegapikiseli 48, pikiseli iliyonse yotambalala mamaikulomita 0.8 okha. Maikulomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Kandowa kakang'ono chonchi kamatunga kuwala kochepa, ndipo mumdima nambala yake imadzaza zosokoneza. Choncho timafyuluta anatiyala mwa njira ina, imene Sony imaitcha Quad Bayer: mapikiseli anayi oyandikana ali ndi mtundu umodzi.

```
R R G G
R R G G
G G B B
G G B B
```

Pojambula mwanthawi zonse, foni imaphatikiza anayiwo kukhala pikiseli imodzi yaikulu, n'kutsala ndi kayalidwe ka Bayer wamba ka 48 kugawa ndi 4, amene ndi mamegapikiseli 12. Sensa ya 50MP imapereka 12.5. Samsung pa Galaxy S20 Ultra ya 2020 inaphatikiza mapikiseli 9 pa sensa ya 108MP, n'kupezanso 12. Choncho nambala ya pa bokosi ikunena zoona za kuchuluka kwa timabokosi toyeza kuwala, ndipo ya pa chithunzi ikunenanso zoona za chimene chasungidwa.

Mukasankha `50MP` pa kamera ya foniyo, pulogalamu imayesa kusandutsa kayalidwe ka anayianayi kukhala ka Bayer wamba kenako n'kudzaza mipata. Koma tsopano oyandikana nawo atalikira. Pikiseli yofiira ikafuna buluu, wina wa abuluu ali patali ndi mapikiseli awiri, ndipo mpata wophonya wakula. Lenzi nayo ili ndi malire ake. Pa f/1.8, kadontho kakang'onong'ono ka kuwala kobiriwira kamafika pa sensa katafalikira mamaikulomita pafupifupi 2.4, ngakhale lenziyo ikhale yangwiro, ndipo amenewo ndi mapikiseli atatu a 0.8. Padzuwa, foni itagwiridwa osanjenjemera, 50MP imaonetsadi zilembo zakutali bwinopo kuposa 12.5MP. Sizifika kanayi, ndipo kukada phindulo limatha.

Ofuna kuthawa kayalidwe ka Bayer, ndi mafunso otsala

Fujifilm inayambitsa kayalidwe kena ka timafyuluta kotchedwa X-Trans pa kamera ya X-Pro1 mu 2012. Gulu lake lobwerezedwa ndi la mapikiseli 36, obiriwira 20, ofiira 8 ndi abuluu 8, oyalidwa moti mzere uliwonse, wopingasa kapena wotsika, uli ndi mitundu yonse itatu. Cholinga chinali kuchepetsa mafunde aja popanda galasi lofewetsa. Oikonda amati imatero. Otsutsa amati masamu ake ndi ovuta, ndipo mapulogalamu ena amasandutsa masamba ndi udzu kukhala ngati zopaka ndi bulashi. Mkanganowu sunathe, mwa zina chifukwa zotsatira zake zimadalira pulogalamu imene munthu wagwiritsa ntchito.

Sigma inatenga njira ina pa kamera ya SD9 mu 2002, ndi sensa ya Foveon X3. Kuwala kwabuluu kumamezedwa pamwamba pa silikoni, kofiira kumalowa mkati kwambiri, choncho anasanjikiza zoyezera zitatu pamalo amodzi. Palibe mipata yodzaza, koma kulekanitsa mitunduyo kumafuna kuchotsera kwakukulu, ndipo mumdima zithunzi zake zimawonongeka msanga. Pentax K-3 II ya 2015 imasuntha sensa ndi pikiseli imodzi n'kujambula kanayi, kuti malo alionse ayezedwe ndi mitundu yonse, koma chinthu chikagwedezeka vuto la riboni ya Maxwell limabwerera. Huawei pa P30 Pro ya 2019 inaika timafyuluta tachikasu m'malo mwa tobiriwira kuti kuwala kochuluka kudutse, ndipo kubiriwira kunayamba kupezeka pochotsera. Leica M Monochrom ya 2012 inangochotsa timafyuluta tonse n'kuvomera zakuda ndi zoyera. Ofufuza akuyesanso tizida tolekanitsa kuwala n'kulondolera mtundu uliwonse ku pikiseli yake m'malo mokumeza. Ngati zimenezi zingapangidwe zochuluka pa mtengo wotsika, ndiponso ngati zingagwire bwino kuwala kolowa chammbali m'makona a sensa, ndi funso limene opanga sanaliyankhe pa msika.

Funso lina likukhudza mafoni. Ambiri tsopano amajambula zithunzi zingapo motsatizana pamene mwadina kamodzi, ndipo Google pa foni ya Pixel 3 mu 2018 inagwiritsa ntchito kunjenjemera kwa dzanja kumene kuti chithunzi china chiyeze pamalo pamene chinzake chinaphonya. Nambala zoyezedwa zimachuluka, koma zimachokera ku nthawi zosiyana pang'ono. Ndipo fayilo ya ProRAW imene Apple inayambitsa mu 2020 imafika itadzazidwa kale mipata, ngakhale dzina lake lili ndi RAW. Kwa atolankhani, oweruza mipikisano ya zithunzi ndi makhoti, amene amadalira fayilo yoyambirira pofuna kutsimikiza kuti chithunzi sichinasinthidwe, funso n'lakuti choyambiriracho ndi chiti: nambala za chithunzi chimodzi cha sensa, kapena zimene foni yapanga pophatikiza zingapo. Ena amati chithunzi chamitundu chilichonse chakhala chowerengetsera kuyambira pa Bayer, ndiye kuphatikiza n'kupitiriza chabe. Ena amati kutenga pakatikati pa oyandikana anayi n'kosiyana ndi pulogalamu imene ikusankha yokha zimene chilembo chakutali chiyenera kukhala, ndipo akufuna kuti fayilo izinena masamu amene yadutsamo. Mbali ziwirizi sizinagwirizanebe kuti malire aikidwe pati.